Kalembedwe ka nkhani yaifupi ya dalaivala wa takisi ndi foni ya munthu wosamudziwa

Wofuna kulemba nkhani yaifupi ya dalaivala wa takisi amene sipika ya m'galimoto mwake imangolumikizana ndi foni ya munthu wosamudziwa ayambe wadziwa bwino chipangizocho asanaganize za ampangankhani. Owerenga ambiri masiku ano amayenda ndi foni m'thumba, ndipo akangoona kuti zomwe zalembedwa sizingachitike, nkhani yonse amaiona ngati bodza ngakhale itakhala ya mawu okoma chotani. Ubwino wake ndi wakuti kagwiridwe kantchito ka Bluetooth kamapereka kokha tsatanetsatane wa nkhani kwa wolemba amene wakamvetsa, kotero sipafunika kubwereka zamizimu kapena zangozi kuti nkhaniyo iyende. Malangizo awa atsata nkhani imodzi yochitikira pa msewu wa M1 m'Chigwa cha Shire, kuyambira pokonza maziko mpaka poiwerenganso italembedwa.

Choyamba, lembani papepala lapadera mfundo ziwiri zomwe simudzaziphwanya. Mfundo yoyamba ndi yakuti foni siilumikizana yokha ndi wailesi ya m'galimoto ngati ziwirizi sizinadziwitsidwepo kale. Tsiku loyamba munthu amachita kusankha dzina la wailesi pafoni, nthawi zina n'kulemba nambala monga 0000 kapena 1234, ndipo kuchokera pamenepo wailesi ndi foni zimasungana ndi kufunana zokha zikayandikana. Choncho munthu amene dalaivala akumuyesa mlendo si mlendo kwa galimotoyo: iyeyo, kapena foni yake, anakhalamo kale. Mfundo yachiwiri ndi ya mtunda. Bluetooth ya mafoni ambiri imafika pafupifupi mamita 10, ndipo khoma, chitsulo ndi khamu la anthu zimachepetsa mtundawu. Mwini foniyo ali pafupi, moti dalaivala angathe kumuona ndi maso atadziwa kuti ndi uti. Mfundo ziwirizi zikubala mafunso awiri omwe adzakoka wowerenga mpaka kumapeto, loyamba lakuti munthuyu ndi ndani mwa anthu onse ali apawa, lachiwiri lakuti anali ndani m'galimoto muno kale.

Mfundo ya mtundayi ikusankhiraninso malo. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, kotero ikamadutsa munthu woima m'mbali mwa msewu, nthawi yomwe ili pafupi naye siikwana n'komwe kuti zipangizozo zigwirane. Olemba ena amalakwa pamenepa polemba kuti mawu achilendo anamveka kwa mphindi zingapo galimoto ili paliwiro pakati pa minda ya nzimbe. Zotere zingachitike pokhapokha mwini foniyo atakwera nawo m'galimotomo, ndipo imeneyo ndi nkhani ina. M'nkhani yathu malo ake akhale pomwe takisi imaima ndi kudikira tsiku ndi tsiku. Dalaivala wathu ayendetse Siyenta pakati pa Nchalo ndi Bangula, ndipo zachilendozo zizichitika pa siteji ya pa Ngabu pokha, pansi pa mtengo womwe amakonda kuimikapo pothawa dzuwa la mwezi wa Okutobala. Musamwaze nkhani ku Dyeratu, ku Thabwa ndi ku Nsanje pofuna kuonetsa kuti chigwachi mumachidziwa. Siteji imodzi yokhala ndi oitanira, akabaza, amayi ogulitsa madzi ozizira ndi nsomba zouma ndi yokwanira, ndipo ikamabwerezedwa wowerenga amayamba kuwazindikira anthu ake mmodzimmodzi ndi kumakayikira aliyense.

Chachiwiri, yankhani mafunso atatu omwe wowerenga wochenjera adzafunsa, ndipo muwayankhe m'zochitika popanda kuima n'kumaphunzitsa.

Funso loyamba ndi lakuti foni ya dalaivala ili kuti pamene ya mlendo ikulowa. Mawailesi ambiri amaimba nyimbo kuchokera ku foni imodzi pa nthawi imodzi, ndipo ngati ya dalaivala yagwira kale, ina siilowerera wamba. Mpata umapezeka wailesi ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, chifukwa ikayaka imayamba kufunafuna mafoni omwe ikuwadziwa. Dalaivala wosamala mafuta amazimitsa injini podikira anthu, ndipo akamaliza kupakira amatembenuza kiyi. Pa nthawi imeneyo pafupi pali mafoni awiri odziwika kwa wailesiyo, ndipo mawailesi ena amatenga foni yomwe inaikidwa patsogolo pa mndandanda wawo. Ndiye kuti m'nkhani yanu mawu achilendo azibwera nthawi imodzimodzi, injini ikangolira, anthu atadzaza kale ndipo mazenera ali otsekula. Chizolowezi chimenechi n'chothandiza kwambiri chifukwa wowerenga akachigwira amayamba kuchita mantha dzanja la dalaivala likangofika pa kiyi.

Funso lachiwiri ndi lakuti bwanji dalaivala osangofufuta foniyo pa mndandanda wa wailesi. Yankho lili m'magalimoto enieniwo. Ambiri mwa iwo anabwera kuchokera ku Japani atagwirapo kale ntchito, ndipo mawailesi ake amalemba zonse m'Chijapani. Dalaivala amadziwa batani lokweza mawu ndi losintha nyimbo, koma zam'kati amaopa kuzikhudza kuti angasokoneze galimoto ya abwana. Mawailesi akale a ku Japani amagwiranso masiteshoni a pakati pa 76 ndi 90 MHz okha, kotero masiteshoni ambiri a kuno samveka, ndipo n'chifukwa chake dalaivala amadalira nyimbo za m'foni. Chiganizo chimodzi chosonyeza chala chake chikuyendayenda pa zilembo zomwe sangawerenge n'chokwanira. Komabe yankho limeneli ligwire ntchito kumayambiriro kokha. Nkhani ikafika pakati, mnyamata wokonza mafoni pa msika amuuze kuti angamufufutire m'mphindi imodzi, ndipo dalaivala anene kuti abwera mawa koma osabwera. Kuyambira pamenepo wowerenga adziwa kuti vuto lachoka pa chipangizo ndipo lalowa mumtima mwa munthu.

Funso lachitatu, lomwe ambiri amaliiwala, ndi lakuti mwini foni akumva chiyani. Samva kanthu. Mawu onse apita ku galimoto, foni yake yangoti zii, ndipo iye amaganiza kuti yawonongeka. Munthu wotere amakweza mawu mpaka pamapeto, ndipo akamatero mawuwo amakwera m'galimoto muja. Amabwereza uthengawo kawiri kapena katatu, ndipo okwera amaumva kawiri kapena katatu. Takisi ikanyamuka n'kutalikira, kulumikizana kumaduka ndipo foni yake imayambanso kulira bwinobwino. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pali mtima wa nkhani yonseyi, chifukwa tsiku lililonse dalaivala akulanda munthu wina chinthu chake mosadziwa, ndipo wolandidwayo sakudziwa kuti anthu asanu ndi awiri akumvera zomwe iye yekha anayenera kumva.

Chachitatu, sankhani chomwe chidzamveke pa sipika. Nyimbo yokha siingasenze nkhani, chifukwa dalaivala angoseka n'kuiwala. Zinsinsi za chibwenzi chamseri kapena upo wa akuba zimabwera msanga m'mutu, koma zimasandutsa nkhani kukhala ya apolisi ndipo wowerenga amalosera mathero ali pa tsamba loyamba. Sankhani mawu wamba omwe kulemera kwake kumadziwika pang'onopang'ono. M'chitsanzo chathu ukhale uthenga wa mawu wa pa WhatsApp, wa masekondi makumi awiri kapena atatu, womwe sufuna netiweki kuti umveke chifukwa unatsitsidwa kale m'foni. Mawu ake ndi a mwamuna, ndipo kumbuyo kukumveka mvula yogunda pa denga la galimoto:

"Mayi a mwana, madzi adzadza pa msewu, galimoto ndiisiya pamtunda kwa anzanga. Ndibwera wapansi. Ana asagone pansi, muwakweze pa tebulo. Mundisungire nsima."

Uthengawu ulembedwe mwathunthu kamodzi kokha, ndipo pambuyo pake muzingotchula zidutswa zake. Tsiku loyamba okwera aseke pa mawu a nsima, ndipo wina anene kuti, "A dalaivala, nkhani za kunyumba kwanu mukutimvetseranji ife?" Tsiku lachiwiri mayi wina wachikulire afunse kuti mvula yotere ikugwa kuti mu Okutobala muno. Funso limeneli ndi lomwe litsegule maso a dalaivala kuti uthengawo ndi wakale. Anthu a m'chigwa chino sachita kuuzidwa tanthauzo la madzi odzadza pa msewu usiku, popeza anaona chigumula cha Januwale 2015, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Sankhani chimodzi mwa izi, ndipo m'chitsanzo chathu ndi cha 2023, koma muchitchule kamodzi kudzera m'kamwa mwa mpangankhani. Musalembe chiwerengero cha omwalira kapena ndime yofotokoza za tsokalo. Ambiri mwa owerenga anataya abale, ndipo chisoni chawo sichofunika kuchikometsera nkhani.

Chachinayi, konzani nkhani m'zochitika zinayi zosafanana kutalika, zonse pamodzi zisapitirire mawu 2,000. Choyamba ndi chachifupi ndiponso chopepuka, cha kuseka kuja. Yambani pa kiyi penipeni, osati pa kudzuka kwa dalaivala kapena kutuluka kwa dzuwa. Chiyambi chingakhale chotere:

"Anthu atakwana, anatembenuza kiyi. Injini inatsokomola n'kulira, koma m'malo mwa nyimbo yomwe anaisiyira pakati, m'galimoto monse munadzaza mkokomo wa mvula. Kunja dzuwa linali litaswa mtengo, ndipo phula la msewu linkanyezimira ngati lanyowa."

Chochitika chachiwiri chikhale cha kufufuza, ndipo pano ndi pofunika kukhalitsa. Pa galasi la wailesi pamaoneka dzina la foni yomwe yalumikizidwa, ndipo anthu ambiri sasintha dzina lomwe foni inabwera nalo, kotero dalaivala angoona mawu monga TECNO SPARK pakati pa zilembo za Chijapani. Dzina limeneli silimuthandiza chifukwa mafoni otere ndi ambiri pa siteji. Tsiku lina apeze malo ake atatenga mnzake, aimike tsidya lina la msewu, ndipo wailesi iimbe nyimbo zake popanda chovuta. Apa azindikire kuti munthuyo amakhala pafupi ndi mtengo uja. Tsiku lotsatira aimike pamalo ake akale, uthenga ukayamba azimitse wailesi mwadzidzidzi, n'kuyang'ana pa galasi loonera kumbuyo. Mwa amayi anayi ogulitsa malonda, mmodzi yekha ndi amene akugwedeza foni, kuipukuta ndi nsonga ya chitenje ndi kuiyang'anitsitsa. Kufufuza kotere n'koona ndipo wowerenga angakuyese yekha, choncho amakukhulupirira. Onetsetsani kuti mayiyu munamuonetsa kale m'chochitika choyamba akugulitsa madzi pa zenera la takisi, kuti akadziwika wowerenga akumbuke kuti anamuonapo.

Pafunikanso chifukwa choti mayiyo azimvera uthengawo pa nthawi yomwe takisi ilipo. Musachisiye kuti chikhale mwayi chabe. Iye amaizindikira galimotoyo, chifukwa ndi yomwe malemu amuna ake ankayendetsa abwana asanaipereke kwa dalaivala wina, ndipo akaiona yaima pansi pa mtengo mtima umamutuma kutsegula uthengawo. Mwamunayo ndi amene analumikiza foni ya mkazi wake ndi wailesi masiku omwe ankapita naye kutchalitchi kapena kumsika. Motero mfundo yoyamba ija yayankhidwa, ndipo kubwerezabwereza kwa zochitika kwapeza chifukwa chochokera mwa munthu. Dalaivala amve mbiri imeneyi kwa woitanira wachikulire m'ziganizo ziwiri kapena zitatu, zonenedwa mopanda chidwi uku akuwerenga ndalama, monga mmene anthu amanenera nkhani yomwe siteji yonse ikuidziwa kale.

Chochitika chachitatu ndi chomwe chimakakamiza dalaivala kuchitapo kanthu. Mawailesi ambiri otere salandira nyimbo zokha, amalandiranso kuyimba kwa foni, ndipo amakhala ndi maiki yaing'ono pafupi ndi chiwongolero kapena pamwamba pa galasi lakutsogolo. Wina akayimbira mayi uja iye n'kuyankha, mawu a woyimbayo amamveka m'galimoto, ndipo woyimbayo amamva zolankhula za m'galimoto m'malo mwa mawu a mayiyo. Lembani kuti mwana wayimba kuchokera kunyumba pa foni yobwereka, akuti, "Amayi, amayi, mukundimva?" Dalaivala mosaganiza ayankhe kuti, "Halo," ndipo mwanayo akhale chete kanthawi, kenako afunse kuti, "Ababa?" Apa ndi pampondachimera. Musafotokoze mmene dalaivala anamvera mumtima. Onetsani dzanja lake likuzimitsa wailesi, okwera atasiya kulankhula, ndi iye akuiwala kulandira ndalama kwa munthu wotsika pa Sorgin. Chochitikachi chikhale chachifupi kuposa zonse, chifukwa mukachitalikitsa chimasanduka chofuna kuliza anthu mokakamiza.

Chachisanu, sankhani mathero, omwe ndi chochitika chachinayi, ndipo akhale ochokera m'zomwe chipangizo chimalola. Njira zenizeni zilipo zitatu. Dalaivala angathe kufufutitsa foniyo mwakachetechete kwa mnyamata wa pa msika uja, mayiyo osadziwa kanthu. Angathenso kumaimika kutali ndi mtengo, n'kutaya mthunzi ndi malo ake abwino pa mzere. Kapena angapite kukamuuza mayiyo. Njira ziwiri zoyambazo zimathetsa vuto la wailesi koma zimasiya mayiyo ngati chinthu chongoyang'anidwa, pomwe mwini uthengawo ndi iyeyo. Njira yachitatu ndi yovuta kulemba koma ndi yomwe imam'patsa ulemu, chifukwa chisankho chimabwerera m'manja mwake.

Polemba kukumana kwawo, samalani malonje. Mwamuna wa kuno safika kwa mayi wamasiye n'kuyamba ndi nkhani ya malemu. Amapereka moni, amagula madzi, amanjuta kapena kukhala pa benchi motalikirako, kenako amazungulira: "Amayi, pepani, ndili ndi kankhani. Foni yanu imavuta mawu ndikaimika apa, si choncho?" Mayiyo amuyankhe kuti "achimwene" kapena "a dalaivala", ndipo onse agwiritse ntchito mawu aulemu mpaka kumapeto. Ngati mayiyo ndi Msena kapena Mmang'anja, monga ambiri m'chigwachi, mawu amodzi kapena awiri a kwawo, monga "takhuta" pothokoza m'Chisena, ndi okwanira, ndipo muwalembe pokhapokha mukuwadziwa bwino. Choyamba kubwera mwa mayiyo chisakhale kuthokoza. Munthu amene wauzidwa kuti siteji yonse yakhala ikumva mawu a malemu amuna ake amayamba wachita manyazi kapena mkwiyo, ndipo afunse kuti amva anthu angati. Dalaivala asamunamize. Pambuyo pake amuonetse pofufutira, kuti alowe pa Settings, asankhe Bluetooth, akhudze dzina la wailesi, kenako Forget kapena Unpair. Chala chogwira foni chikhale cha mayiyo. Kaya afufuta, kaya apempha kaye kukhala pa mpando wakutsogolo kuti amve uthengawo kamodzi zitseko zitatsekedwa, kaya anena kuti aganiza mawa, sankhani chimodzi ndipo muime pomwepo. Musawakwatitse awiriwa, ndipo musaike phunziro m'kamwa mwa mfotokozankhani.

Za mfotokozankhaniyo, gwiritsani ntchito munthu wachitatu amene akuona zomwe dalaivala akuona zokha. Mukalowa m'maganizo a mayiyo ngakhale kwa ndime imodzi, chinsinsi chatha. Nthawi ikhale yakale kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mawu a uthenga okha ndi omwe akhale m'nthawi yatsopano.

Chomaliza ndi kuyesa ndi kuwerenganso. Pezani mafoni awiri ndi galimoto ya mnzanu, kapena kasipika ka Bluetooth ka m'nyumba, ndipo mulumikize mafoni onse awiri mosinthana. Zimitsani sipika, muyatsenso, muone foni yomwe yagwira ndi masekondi omwe apita. Wina ayende ndi foni pang'onopang'ono uku uthenga ukumveka, ndipo mumvetsere mmene mawu amadukiradukira asanazimiretu, chifukwa kadukidwe kameneka ndi komwe mudzalembe pamene takisi ikuchoka pa Ngabu, uthenga n'kuthera pakati pa chiganizo. Zipangizo zimasiyana, choncho ngati chanu chachita mosiyana ndi zomwe mwalemba, sinthani nkhani kuti itsate zomwe mwaona. Kenako werengani nkhaniyo mokweza ndi cholembera m'manja, ndipo muike chizindikiro paliponse pomwe mwafotokoza za Bluetooth kupitirira ziganizo ziwiri zotsatizana, pomwe mpangankhani wanena chinthu chomwe mnzake akuchidziwa kale, ndi pomwe mwalemba kuti wina anamva chisoni m'malo moonetsa chomwe anachita. Malo onsewo muwafupikitse kapena muwachotse. Pomaliza perekani nkhaniyo kwa dalaivala weniweni wa pa msewu umenewu, ndipo mum'funse ngati pali pomwe dalaivala wanu wachita zomwe iye sangachite pa siteji, monga kunyamuka galimoto isanadzaze kapena kusiya injini ikulira kwa theka la ola.